Kodi ndi mankhwalawa akundinenepetsa? Mafunso ndi mayankho pa puredinisoloni, amitiriputilini ndi ena otere

Kuno kwathu munthu akayamba kudzaza zovala, anzake amamuyamikira kuti zinthu zikumuyendera. Mayi akatsika minibasi ku Kawale masaya atatuluka, apongozi amati banja lamuyanja. Nchifukwa chake ambiri amene anenepa kamba ka mankhwala amabwera mochedwa kudzafunsa, lamba atasuntha kale mabowo awiri. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amamveka kawirikawiri pawindo lolandirira mankhwala, ndipo akukhudza magulu awiri: masiteroyidi, ndi mankhwala ena a matenda a kukhumudwa ndi nkhawa.

Kodi mankhwala anganenepetsedi munthu, kapena ndikungodya kwambiri?

Zonse ziwiri zikhoza kukhala zoona nthawi imodzi. Piritsi palokha lilibe mafuta. Chimene limachita ndi kusintha njala yanu, madzi amene thupi likusunga, ndiponso malo amene thupi likuika mafuta. Choncho mukamati mukudya kwambiri simukunama, koma funso ndi lakuti njalayo yachokera kuti. Munthu amene kale ankakhuta ndi mitanda iwiri ya nsima, lero akudya inayi kenako pakati pa usiku nkudzuka kukafunafuna mkute, sanasanduke wosusuka mwadzidzidzi.

Sikelo ikakwera, makilogalamu owonjezerawo amakhala a mitundu itatu. Pali madzi, pali mafuta, ndipo pali thupi lanu lakale limene matenda analanda ndiye likubwerera. Sikelo siisiyanitsa zitatuzi, koma chochita nazo chimasiyana kwambiri.

Masiteroyidi ndi chiyani? Ndi omwe aja amamwa anyamata onyamula zitsulo?

Ayi, amenewo ndi ena, opangidwa motsanzira mphamvu yachimuna. Amene tikunena pano ndi ochepetsa kutupa ndi kutontholetsa chitetezo cha m'thupi chikamalimbana ndi mwini wake. Odziwika kwambiri ndi puredinisoloni, timapiritsi ta mamiligalamu 5, ndi dekisametazoni, amene nthawi zambiri amakhala a theka la miligalamu. Palinso hayidurokotizoni, amene kuchipatala amabaya munthu akafika atabanika kwambiri. Amaperekedwa kwa odwala mphumu, nyamakazi yotupitsa mfundo, matenda ena a impso ndi a pakhungu, komanso chifuwa chachikulu chikalowa ku ubongo kapena m'kathumba kokuta mtima.

Mankhwalawa amatsanzira kotizolo, amene thupi limapanga lokha m'tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso. Pa tsiku thupi limapanga kotizolo wofanana mphamvu ndi piritsi limodzi la puredinisoloni, kapena limodzi ndi theka. Musaiwale muyezo umenewu. Amene akumwa mapiritsi 8 pa tsiku ali ndi mphamvu yoposa ya chibadwa kasanu kapena kuposerapo. Dekisametazoni ndiye amapusitsa anthu chifukwa nambala yake ndi yaing'ono: mamiligalamu 0.75 okha amafanana ndi mamiligalamu 5 a puredinisoloni.

Pamene dokotala wa ku Amereka, Philip Hench, anayesa kotizoni, siteroyidi wa gulu lomweli, pa wodwala nyamakazi mu 1948, anthu anaona ngati chozizwitsa, chifukwa munthu wosatha kudzuka anayamba kuyenda. Sipanapite nthawi yaitali, madokotala anayamba kuona nkhope zikutupa. Mpaka lero mankhwalawa ali ndi mbali ziwiri zomwezo.

Mayi anga anenepa nkhope ndi mimba, koma miyendo ikuoneka yowonda. Zimatheka bwanji?

Apa ndiye pagona kusiyana kwa kunenepa kwa masiteroyidi ndi kunenepa kwa masiku onse. Munthu akanenepa ndi chakudya, thupi limadzaza paliponse. Kotizolo akachuluka kwa nthawi yaitali, mafuta amasamuka. Amachoka m'manja ndi m'miyendo nkukaunjikana pamimba, m'masaya, pansi pa chibwano, ndi kumbuyo kwa khosi kumene kumatuluka kalinunda. Nkhope imazungulira mpaka munthu ukamuyang'ana kutsogolo makutu amabisika pang'ono.

Pa nthawi yomweyo mankhwalawa amadya minofu, makamaka ya m'ntchafu ndi m'mapewa. Chizindikiro chake si cha pagalasi ayi. Afunseni mayi anu ngati akutha kudzuka pamkeka osagwira pansi kapena khoma, ngati akutha kunyamuka atanjuta kuchimbudzi, ngati akutha kudzitwika ndowa ya madzi monga kale. Ambiri amangoti ndi ukalamba kapena ndi kulemera kwa thupi, pamene ndi minofu imene yatha. Ndiye sikelo ikhoza kukwera makilogalamu 4 okha, koma munthu atasintha kwambiri, chifukwa mafuta abwera ochuluka pamene minofu yachepa.

Zina zimene zimatsagana nazo ndi khungu lopyapyala lochita mikwingwirima ngakhale mutangogunda pang'ono chitseko, mizere yotambalala yakuda mofiirira pamimba ndi m'ntchafu, zilonda zochedwa kupola, ziphuphu, ndi kusowa tulo. Madokotala amatchula chithunzi chonsechi ndi dzina la Harvey Cushing, dokotala amene anafotokoza za anthu amene matupi awo amapanga okha kotizolo wochuluka. Masiku ano ambiri ooneka chonchi amakhala kuti gwero lake ndi mapiritsi.

Chimene chimandidetsa nkhawa kuposa masayawo ndi zimene sizioneka: shuga, kuthamanga kwa magazi, mafupa ofooka, ndi chitetezo chotsika. Pa shuga pali msampha. Amene amamwa puredinisoloni m'mawa, shuga wake amakwera kwambiri masana ndi madzulo, ndipo pofika m'mawa wotsatira amakhala atatsika. Mukapita kukayezetsa m'mamawa musanadye, zotsatira zikhoza kutuluka zabwino pamene vuto lilipo. Pemphani kuti akuyezeninso masana, patapita maola awiri mutadya. Makina akaonetsa 11.1 kapena kuposa, kapena 200 pa makina ena amene amawerenga mwa mtundu wina, ndiye kuti shuga wakwera. Ludzu losatha ndi kukodza pafupipafupi usiku ndi zifukwa zokwanira kupita tsiku lomwelo.

Andipatsa mapiritsi 8 pa tsiku kwa masiku 5 chifukwa cha mphumu. Ndinenepa?

Imwani, ndipo mumalize. Masiku 5 sakwana kusamutsa mafuta. Mukhoza kumva njala, kusowa tulo, mwina sikelo nkukwera kilogalamu imodzi ya madzi, koma zimatha pa masiku ochepa mukamaliza. Muzimwa onse pamodzi m'mawa mutadya, osati madzulo.

Kapampu kopopera m'kamwa ka bekilometazoni nakonso ndi siteroyidi, koma muyezo wake ndi waung'ono kwambiri ndipo umapita m'mapapo mwachindunji. Pa muyezo wa masiku onse sikanenepetsa. Chimene kamabweretsa ndi zoyerayera m'kamwa ndi kusasa mawu, nchifukwa chake mumauzidwa kuchukucha m'kamwa mukatha kupopera. Chimandimvetsa chisoni ndi kuona munthu akukana kapampu poopa kuti akazolowera, kenako nkumagula mapiritsi amene ndiwo ovulaza thupi lonse.

Ndakhala ndikumwa puredinisoloni miyezi yambiri ndipo ndanenepa. Ndingosiya lero?

Musatero. Ili ndi funso limene yankho lolakwika likhoza kupha munthu.

Tiyerekeze mayi wa zaka 35 wogulitsa kaunjika, wodwala mphumu. M'nyengo yozizira ya Juni, fumbi ndi utsi wa mbaula zitamubanikitsa, anapita kuchipatala ndipo anapatsidwa mamiligalamu 40 pa tsiku kwa masiku 5. Anapeza bwino kwambiri moti atamaliza anasunga kapepalako. Chifuwa chitayambanso, sanafune kutaya tsiku lonse pamzere nkusiya malonda, ndipo anangokagula yekha. Anakhazikika pa mapiritsi 4 tsiku lililonse, kutanthauza mamiligalamu 20. M'buku lake la kuchipatala munalembedwa makilogalamu 62 mu Juni. Pofika Novembala anali ndi 70, nkhope yozungulira, ndipo ankavutika kukwera minibasi atanyamula chikwama cha katundu.

Mnzake atamuuza kuti ndi mapiritsiwo, anawataya tsiku lomwelo. Patapita masiku awiri kapena atatu anafooka, mfundo zonse kuwawa, nseru, kusanza, ndipo akaimirira maso ankachita mdima. Iye anaganiza kuti ndi malungo. Kuyeza kunaonetsa kuti alibe.

Chimene chinachitika ndi ichi. Kwa miyezi 5 thupi lake linkalandira kotizolo wochuluka wochokera kunja, ndiye tiziwalo ta pamwamba pa impso tija tinaleka ntchito nkufota. Mapiritsi atatha mwadzidzidzi, m'thupi munalibe wa kunja ngakhale wa mkati. Popanda kotizolo, kuthamanga kwa magazi kumatsika, shuga amatsika, ndipo munthu akhoza kukomoka osadzukanso, makamaka akakumananso ndi matenda ena monga kutsegula m'mimba.

Wachipatala wodziwa ntchito yake akamva nkhani yonse amamubwezera kaye pa mankhwala aja, kenako nkumatsitsa pang'onopang'ono. Mwachitsanzo, kuchoka pa 20 kupita pa 15, kenako pa 10, akukhala sabata imodzi kapena ziwiri pa sitepe iliyonse. Akafika pafupi ndi muyezo wa chibadwa uja, cha pa 7.5 kapena 5, amachepetsa liwiro kwambiri, mwina theka la piritsi pa masabata angapo, chifukwa apa ndi pamene tiziwalo tija tikuyenera kudzuka nkuyambanso ntchito. Kwa ena kudzukako kumatenga miyezi, mwina mpaka chaka. Manambalawa ndi ongosonyeza mmene zimayendera. Anu adzadalira matenda anu ndi nthawi imene mwamwa. Pa nthawi yomweyo mayiyu amayambitsidwa kapampu koteteza, apo ayi mphumu ibwerera ndipo adzathamangiranso kogula mapiritsi.

Lamulo limene achipatala amatsata ndi lakuti amene wamwa kupitirira masabata atatu, kapena wamwa maulendo angapo motsatizana, asasiye mwadzidzidzi. Ndipo mukadwala kapena mukamapita ku opaleshoni, ngakhale patapita miyezi ingapo mutasiya, nenani kuti munkamwa masiteroyidi. Mukamasanza moti piritsi silikukhala m'mimba, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, akakubayeni.

Musaope kunena zoona kuti munkagula nokha. Mwina akukalipirani pang'ono, koma mukabisa adzakhala akufufuza malungo ndi tayifodi pamene yankho lili m'chikwama chanu.

Ndingadziwe bwanji ngati ndi madzi kapena mafuta?

Poyamba onani liwiro. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndipo thupi likhoza kusunga malita awiri pa masiku awiri kapena atatu. Mafuta sabwera msanga chonchi. Kuti mupange kilogalamu imodzi ya mafuta pamafunika chakudya chowonjezera cha masabata angapo. Ndiye sikelo ikadumpha makilogalamu awiri pakati pa Lolemba ndi Lachinayi, amenewo ndi madzi.

Kenako dinikizani chala pamsongolo, pamwamba pang'ono pa kakolo, muwerenge mpaka 5 nkuchotsa. Pakatsala kadzenje, ndi madzi. Mphete kuthina ndi nsapato kukana kulowa madzulo ndi zizindikiro zomwezo. Kutupa pang'ono kumachitika ndi puredinisoloni chifukwa amachititsa impso kusunga mchere, ndipo mchere umakoka madzi. Koma kutupa kukamakwera mpaka m'mawondo, kapena mukamabanika mukagona chagada, musati ndi mankhwala basi. Mtima kapena impso zikhoza kukhala pavuto.

Za mafuta, tepi ya atelala imanena zoona kuposa sikelo. Yezani mimba pa mchombo, mutaimirira, mutatulutsa mpweya bwinobwino. Muyezo umene umagwiritsidwa ntchito kwambiri ndi masentimita 80 kwa amayi ndi 94 kwa abambo. Kuposa apo chiopsezo cha shuga ndi matenda a mtima chimayamba kukwera. Muziyeza pa sikelo imodzimodzi, kamodzi pa sabata, m'mawa. Sikelo ya mnyamata wa pamsika ndi ya kuchipatala zikhoza kusiyana ndi kilogalamu yathunthu, ndipo mukamasinthasintha mudzadandaula ndi zinthu zimene palibe.

Nanga mankhwala a kukhumudwa? Onse amanenepetsa?

Si onse, ndipo kanenepetsedwe kake ndi kosiyana ndi ka masiteroyidi. Sasamutsa mafuta, sadya minofu, satupitsa nkhope. Njira yawo yaikulu ndi njala.

M'zipatala za boma mudzakumana kwambiri ndi awiri, amitiriputilini ndi fuluwokisetini. Amitiriputilini ndi wakale, wa m'zaka za m'ma 1960. Kuwonjezera pa ntchito yake pa maganizo, amatsekanso mu ubongo malo olandirira hisitamini. Anthu ambiri amadziwa hisitamini pa nkhani ya chimfine ndi kuyabwa, koma mu ubongo amathandiza munthu kukhala maso ndiponso kumva kuti wakhuta. Malowo akatsekeka, zotsatira zake ndi tulo ndi njala, makamaka chilakolako cha zotsekemera. Mitazapini, amene amapezeka kwambiri m'zipatala zolipira, amachita zomwezi mwamphamvu, moti madokotala a ziweto kunja amamugwiritsa ntchito kuti amphaka odwala ayambe kudya. Parokisetini nayenso amadziwika kuti amawonjezera thupi akamwedwa nthawi yaitali.

Fuluwokisetini, kapisozi wa mamiligalamu 20, ali mbali ina. M'masabata oyamba amachepetsa njala, ena amamva nseru, ndipo thupi likhoza kutsika pang'ono. Pakapita miyezi limabwerera pamene linali, ndipo ena amawonjezera pang'ono.

Koma musanaloze chala piritsi, tsegulani buku lanu la kuchipatala. Matenda a kukhumudwa amalanda anthu ambiri chilakolako cha chakudya. Bambo amene kale ankalemera makilogalamu 70, nkutsika kufika 63 m'miyezi imene sankagona kapena kudya, akafika 69 patapita miyezi inayi akumwa mankhwala sananenepe. Wachira. Choyerekezera ndi thupi lanu musanadwale, osati la tsiku limene munayamba mankhwala.

Ine ndilibe vuto la maganizo. Anandipatsa amitiriputilini chifukwa mapazi amatentha usiku. Zikundikhudza?

Zikhoza kutero. Kwa mapazi otentha kapena ochita dzanzi, monga amachitira odwala shuga ndi ena amene ali ndi HIV, amayamba ndi piritsi limodzi la mamiligalamu 25 usiku, pamene a kukhumudwa amafika 75 mpaka 150. Muyezo ukakula ndi pamene njala imakulanso, koma ngakhale pa piritsi limodzi ena amaimva.

Pali kanjira kena kamene anthu sakaganizira. Amitiriputilini amaumitsa m'kamwa. Bambo wogwira ntchito m'tauni, kukamwa kukauma masana, amagula botolo la zoziziritsa kukhosi. Botolo la mamililita 300 lili ndi shuga wokwana masupuni aang'ono 7 kapena 8. Botolo limodzi tsiku lililonse kwa miyezi iwiri ndi pafupifupi kilogalamu imodzi ya mafuta, nsima asanawonjezere ngakhale mtanda umodzi. Thobwa ndi maheu othira shuga wambiri ndi chimodzimodzi. Kwa wodwala shuga amene wapatsidwa mankhwalawa chifukwa cha mapazi, apa ndiye pofunika kusamala kwambiri. Kukamwa kouma kumafuna madzi, omwa pang'onopang'ono tsiku lonse.

Amadzimbitsanso, ndipo mimba yodzimbidwa imaoneka yaikulu. Kuonjezera apo amagonetsa mpaka m'mawa, ndiye amene ankayenda wapansi kupita kuntchito amadzuka mochedwa nkukwera kabaza. Kumwa piritsi msanga, maola awiri musanagone m'malo mwa pakati pa usiku, kumachepetsako tulo ta m'mawa.

Ndingowonjeza chimodzi chosakhudza kunenepa: amitiriputilini ndi woopsa kwambiri akamwedwa wambiri nthawi imodzi. Musungeni pamene ana safikira.

Ndinenepe kufika pati kuti ndikadandaule? Angandisinthire mankhwala?

Muyezo wosavuta ndi magawo 5 pa 100 a thupi lanu. Wa makilogalamu 60, akawonjezera atatu pamwamba pa thupi lake la kale, makamaka m'miyezi itatu yoyamba, apite akanene. Kuwonjezera msanga m'mwezi woyamba nthawi zambiri kumasonyeza kuti zipitirira, ndiye kulankhula msanga kuli bwino kuposa kudikira chaka.

Kusintha kumatheka. Kuchoka pa amitiriputilini kupita pa fuluwokisetini ndi chinthu chodziwika, koma chimafuna dongosolo chifukwa fuluwokisetini amachititsa kuti amitiriputilini achuluke m'magazi akakumana. Si za kungosinthanitsa ndi mapiritsi a mnzanu. Komanso fuluwokisetini sathandiza kwenikweni mapazi otentha, choncho kwa amenewo njira imeneyi palibe.

Maganizo anga ndi akuti, ngati mankhwala akukuthandizani, mwayambanso kugona, kugwira ntchito ndi kucheza ndi ana anu, makilogalamu awiri kapena atatu si chifukwa chokwanira chosiyira. Mankhwala a kukhumudwa amatenga masabata awiri mpaka anayi kuti ayambe kumveka, ndipo amayenera kupitirizidwa kwa miyezi yosachepera 6 munthu atapeza bwino. Amene amasiya msanga ataona kuti zovala zathina, kawirikawiri matenda amawabwerera. Kusiya mwadzidzidzi kumabweretsanso chizungulire, nseru, maloto oipa ndi kukwiya msanga. Koma ngati muli kale ndi shuga kapena kuthamanga kwa magazi, ndipo thupi likungokwerabe mwezi ndi mwezi, limbikirani kuti akumvereni. Ku Bwaila kuli gawo loona za matenda a maganizo, ndipo mukhoza kupempha kuti akutumizeni kwa odziwa za mankhwala amenewa. Maganizo ofuna kudzivulaza akabwera, nthawi iliyonse, musadikire tsiku lolembedwa m'buku.

Ndili pa ma ARV komanso ndimabayitsa jakisoni wolera. Ndidziwa bwanji amene walakwa?

Lembani masiku. Papepala limodzi ikani mwezi umene munayamba mankhwala aliwonse, pambali pake kulemera kwanu kuchokera m'buku. Nthawi zambiri mzere umaoneka wokha. Kuyambira 2019 anthu ambiri m'dziko muno anasamutsidwira pa ma ARV okhala ndi dolutegiraviri, ndipo ena, makamaka amayi, amawonjezera thupi akakhala pa amenewa. Jakisoni wa miyezi itatu nayenso amawonjezera thupi kwa amayi ena. Zonsezi si zifukwa zosiyira ma ARV.

Chofunika kuchidziwa ndi cha amene ali pa ma ARV okhala ndi ritonaviri. Ameneyu amalepheretsa chiwindi kuchotsa masiteroyidi ena m'thupi, moti ngakhale kapampu ka fulutikazoni kapena jakisoni wa m'bondo akhoza kubweretsa nkhope yotupa ija. Bekilometazoni alibe vuto lalikulu limeneli. Choncho mukapita kwa dokotala wina, onetsani mankhwala anu onse, ngakhale amene mumachita nawo manyazi.

Ndidye bwanji pamene njala ikundipweteka chonchi?

Kuuza munthu wa pa puredinisoloni kuti angodziletsa ndi kusadziwa njala yake. Chimene chimathandiza ndi kusintha zimene zili pafupi pamene njalayo yafika. Gawirani mitanda ya nsima m'mbale yanu musanayambe kudya, chiwerengero chomwe munkadya kale, m'malo modyera m'mbale ya onse mmene simuwerenga. Malo otsalawo adzaze ndi ndiwo zamasamba, bonongwe, nkhwani, mpiru, chisoso, ndipo yambani ndi zimenezo. Mgaiwa umakhalitsa m'mimba kuposa ufa woyera. Nyemba, nandolo, mazira ndi usipa zimakhutitsa nthawi yaitali, ndiponso ndi zimene minofu ikufuna. Usipa uli ndi ubwino wina, umadyedwa ndi minga yomwe, ndipo mafupa a munthu wa pa masiteroyidi amafuna kashiamu.

Mchere ndiye mdani wa amene akutupa. Muyezo wa tsiku lonse ndi wosafika magalamu 5, kasupuni kamodzi kosadzaza, kuphatikizapo umene uli kale m'zakudya. Timabuloko tokometsera ndiwo, tchipisi ta pachiwaya towaza mchere, ndi kanyenya zimadutsitsa muyezowu mosavuta. Nsomba zouma zamchere muziziviika ndi kutaya madziwo.

Za minofu ya m'ntchafu, kuyenda kokha sikukwanira. Khalani pampando ndi kuimirira osagwira kanthu, kakhumi, kawiri kapena katatu pa tsiku. Ngati lero mukulephera kufika 5, lembani, mudzayesenso pakatha sabata.

Tiyi ndi zakumwa zimene amati zochepetsa thupi zisiyeni. Zambiri zimangotsegula m'mimba kapena kukodzetsa, ndipo kwa munthu amene puredinisoloni akumutayitsa kale potaziyamu, zimenezo zimafooketsa minofu ndi kusokoneza kagundidwe ka mtima.

Mchemwali wanga ndi wowonda ndipo akugula mapiritsi onenepetsa. Ndi omwewa?

Kawirikawiri ndi omwewa. Amene amagulitsidwa mobisa kuti munthu atuluke thupi amakhala dekisametazoni, kapena sipuroheputadini, kapena zonse pamodzi. Sipuroheputadini ndi mankhwala a kuyabwa ndi chimfine, ndipo amabweretsa njala ndi tulo m'njira yomwe ija ya hisitamini. Dekisametazoni ndiye tafotokoza kale. Chimene mchemwali wanu akufuna ndi chiuno ndi mbina, koma chimene adzapeze ndi masaya, mimba, miyendo yowonda ndi mizere imene siidzatha. Ngati wamwa kale kupitirira masabata atatu, musamulande mapiritsiwo nkuwataya m'chimbudzi; mperekezeni kuchipatala atanyamula paketi yake.

Mafuta ena oyeretsa khungu nawonso ali ndi masiteroyidi amphamvu monga kilobetazolo. Akamapakidwa thupi lonse tsiku ndi tsiku kwa miyezi, amalowa m'magazi nkubweretsa zomwezi. Ndipo munthu amene akuwonda popanda chifukwa ayenera kuyezedwa kaye shuga, HIV ndi chifuwa chachikulu. Siteroyidi pa chifuwa chachikulu chimene sichinadziwike imachibisa kwa kanthawi, munthu nkumaoneka wonenepa pamene matenda akufalikira.

Ndikadzamaliza mankhwala, thupi lidzabwerera?

Madzi amachoka msanga, pa sabata imodzi kapena ziwiri muyezo ukatsika. Njala imachepanso pamene mapiritsi akuchepa. Nkhope imatenga miyezi ingapo, ndipo ambiri amayamba kudzizindikiranso pagalasi akafika pa piritsi limodzi pa tsiku kapena kucheperapo. Mafuta a pamimba sachoka okha. Amenewo ndi mafuta enieni ndipo amafuna zomwe mafuta ena onse amafuna. Mizere ya pakhungu imazilala koma siitheratu. Shuga amene anakwera ndi mankhwala nthawi zambiri amatsika, ndipo ngati munayambitsidwa mankhwala a shuga, muyezo wake uyenera kuonedwanso pamene puredinisoloni akutsika, kuopa kuti shuga angatsike mopitirira.

Kwa mayi wa kaunjika uja, pa makilogalamu 8 aja mwina awiri anali madzi ndipo akhoza kuchoka m'mwezi woyamba. Otsalawo ndi nkhani ya theka la chaka kapena kuposa. Sikelo yake ikhoza kuima kwa masabata angapo pamene tepi ikutsika, chifukwa minofu ya m'ntchafu ikubwerera pamene mimba ikuphwa. Akamapita kuchipatala chachikulu cha Kamuzu kapena chaching'ono cha kwawo, anyamule buku, kapampu, mapaketi onse, ndi kapepala kaja kolembapo makilogalamu ndi masentimita a sabata iliyonse.